Mafunso ndi mayankho: mafonti a pa webusaiti ndi vuto la mawu osaoneka

Munthu akatsegula tsamba koyamba, makamaka pa foni netiweki ikuvuta, fonti imene munasankha imakhala isanafike. Zimene amaona pa masekondi oyambawo zimadalira zinthu ziwiri zimene mwalemba mu CSS: fonti yogwirizira, ndiponso malangizo amene mwapatsa burawuza a zoti ichite podikira. Mayankho ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi: tsamba la nkhani za m'Chichewa limene likugwiritsa ntchito fonti ya Inter.

Tsamba latseguka, zithunzi ndi mitundu zikuoneka, koma mawu palibe. Chikuchitika n'chiyani?

Mawuwo alipo, koma burawuza yawabisa dala. Ikaona kuti ndime ikufuna fonti imene sinafike, imayala mawuwo pogwiritsa ntchito fonti ina kuti malo ake asungike, koma osawaonetsa. Imayembekezera kuti fonti yeniyeniyo ifika posachedwa. Chrome, Firefox ndi Safari zimadikira mpaka masekondi pafupifupi 3. Nthawiyi ikatha fontiyo isanafike, m'pamene zimaonetsa mawu ndi fonti yogwirizira, ndipo yeniyeniyo ikafika zimasinthanso. Safari yakale inkadikira nthawi yaitali kuposa pamenepa, moti tsamba linkatha kukhala mbee mpaka munthu kutopa n'kutseka.

Mungadziwe msanga kuti vuto ndi limeneli poyang'ana maulalo. Mizere ya pansi pa maulalo imaoneka, mabatani amaoneka ndi mitundu yake, koma m'kati mwake muli mopanda kanthu. Mukakhudza ndi kukoka chala pamalo opanda kanthuwo, mumapeza kuti mawu akusankhika. Pofufuza pa intaneti mudzapeza vutoli likutchedwa FOIT, ndipo mnzake, pamene mawu amaoneka ndi fonti ina kenako n'kusintha, amatchedwa FOUT.

N'chifukwa chiyani fonti imachedwa chonchi pomwe fayilo yake ndi yaing'ono poyerekeza ndi zithunzi?

Chifukwa imayamba ulendo mochedwa. Chithunzi chimatchulidwa mu HTML mwenimweni, choncho burawuza imachiona msanga n'kuyamba kuchitsitsa. Fonti siili choncho. Burawuza imayamba yatsitsa HTML, m'menemo n'kupeza dzina la fayilo ya CSS. Imatsitsa CSS, n'kupezamo `@font-face`. Ngakhale apa siyamba kutsitsa. Imadikira kaye kuti ione ngati pa tsambalo pali mawu ofunadi fonti imeneyo. Ikatsimikiza m'pamene imapempha fayiloyo.

Ngati fonti ikuchokera ku Google Fonts, ulendowo umatalikanso. CSS imachokera ku `fonts.googleapis.com`, pomwe mafayilo a fonti amachokera ku `fonts.gstatic.com`. Awa ndi maseva awiri atsopano, ndipo iliyonse burawuza iyenera kufufuza adiresi yake, kulumikizana nayo, ndi kugwirizana za chitetezo isanalandire kanthu. Netiweki ikakhala yofooka, maulendo opita ndi kubwera amenewa amadya nthawi yambiri kuposa kutsitsa fayilo yeniyeniyo.

Kukula kwa fayilo nakonso kuli ndi gawo lake. Tiyerekeze kuti foni ikulandira makilobiti 400 pa sekondi, omwe ndi makilobayiti 50. Mafayilo anayi a makilobayiti 50 iliyonse afunika masekondi 4, ndipo apo ndiye kuti sakulimbirana njira ndi zithunzi kapena JavaScript. Masekondi 3 aja amatha mafonti asanafike.

Ndiletse bwanji kubisa mawuku?

Onjezani mzere umodzi, `font-display`, m'kati mwa `@font-face`:

```css
@font-face {
  font-family: "Inter";
  src: url("/fonts/inter-400.woff2") format("woff2");
  font-weight: 400;
  font-display: swap;
}
```

Mzerewu sugwira ntchito mukaulemba pa `body` kapena pa `p`. Malo ake ndi mu `@font-face` basi, ndipo muyenera kuubwereza mu `@font-face` iliyonse, ya zilembo zonenepa ndi ya zopendekeka yomwe. Chrome inayamba kuumvera mu 2017, Firefox ndi Safari mu 2018, choncho palibe chifukwa choopera kuti owerenga ambiri sawapindulira. Ngati mukugwiritsa ntchito Google Fonts, simulemba nokha `@font-face`. M'malo mwake onjezani `&display=swap` kumapeto kwa adiresi ya CSS. Google inawonjezera zimenezi mu 2019, ndiye masamba ndi matimu a WordPress amene anakopera adiresi yawo chaka chimenecho chisanafike kawirikawiri alibe mawuwa.

Pali `swap`, `fallback`, `optional` ndi `block`. Zimasiyana pati, ndipo ndisankhe iti?

Zonsezi zimayankha mafunso awiri okha. Loyamba: mawu abisike kwa nthawi yaitali bwanji? Lachiwiri: fonti ikafika mochedwa, iloledwebe kulowa m'malo mwa yogwirizira mpaka liti?

`block` imabisa mawu mpaka masekondi pafupifupi 3, ndipo fonti imaloledwa kulowa nthawi iliyonse imene yafika. Ndi khalidwe lomwe lija limene tikulithawa, ndipo `auto` m'maburawuza ambiri imachita chimodzimodzi. `swap` imaonetsa mawu nthawi yomweyo ndi fonti yogwirizira, ndipo imasintha fonti yeniyeni ikafika, kaya patapita sekondi imodzi kaya khumi. `fallback` imabisa mawu kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kenako imapatsa fontiyo masekondi pafupifupi 3. Ikalephera kufika m'nthawi imeneyi, tsambalo limakhalabe ndi fonti yogwirizira mpaka munthu atatsegula lina. `optional` ndi yokhwima kwambiri. Fonti ikapanda kupezeka m'kanthawi koyamba kaja, siigwiritsidwanso ntchito pa tsamba limenelo. Burawuza ikhoza kuitsitsa chakumbuyo kuti tsamba lotsatira liipeze, ndipo ili ndi ufulu wosaitsitsa n'komwe ikaona kuti netiweki ndi yofooka.

Ambiri amangoika `swap` paliponse chifukwa ndi imene imatchulidwa kwambiri. Pa mitu ya nkhani ndi pa dzina la tsamba ndi yabwino, popeza pamenepo maonekedwe ndi ofunika ndipo mawu ndi ochepa. Koma pa ndime zazitali ine ndimakonda `fallback`. Taganizirani munthu amene wawerenga kale ndime ziwiri, maso ali pa mzere wachisanu wa ndime yachitatu, ndiye pa sekondi yachisanu ndi chitatu zilembo zonse zikusintha, mizere ikuduka pena, malo amene anali asowa. Munthu ameneyu sanapindule kalikonse ndi fonti yanu yokongolayo. Akanakhala bwino kumaliza nkhaniyo ndi zilembo zimene anayamba nazo, n'kudzaona Inter pa nkhani yotsatira, itasungidwa kale m'foni.

`optional` ndi yoyenera pamene simukufuna kuti chilichonse chisunthe, ndipo mwavomera kuti alendo ena oyamba sadzaiona fonti yanu. Kambiranani kaye ndi mwini tsamba musanaiike, chifukwa akadzatsegula pa foni yake n'kuona zilembo zina, adzaganiza kuti ntchito yawonongeka.

Mndandanda wa mafonti ndiulembe bwanji?

Yambani ndi fonti imene mukufuna, mutsatize imene ili kale m'zipangizo za owerenga ndipo ikufanana nayo, mumalize ndi dzina la banja lonse:

```css
body {
  font-family: "Inter", "Segoe UI", Roboto, Arial, sans-serif;
}
```

Segoe UI ndi ya Windows, Roboto ndi ya Android, Arial imapezeka pa Windows ndi pa zipangizo za Apple. Dzina lomaliza, `sans-serif`, musaliike m'zizindikiro zogwira mawu. Mukalemba `"sans-serif"`, burawuza imaganiza kuti ndi dzina la fonti inayake, imaifufuza, n'kuisowa. Ndipo mukasiya dzina la banjali, maburawuza a pa kompyuta amabwerera ku fonti yawo yachizolowezi, imene kawirikawiri ndi Times New Roman, yosiyana kotheratu ndi Inter.

Mndandanda wautali wa mayina khumi ndi awiri suthandiza kwenikweni. Chofunika ndi kudziwa kuti pa chipangizo chilichonse ndi dzina liti limene lidzapambane. Apa m'pamene ambiri amaiwala Android. Amayesa tsamba pa laputopu, amaona Arial kapena Georgia ikugwirizira bwino, n'kukhutira. Koma mafoni a Android alibe Arial kapena Georgia yeniyeni. Mayinawa amangolozera ku fonti ya m'fonimo, ndipo owerenga amaona Roboto kapena Noto Serif. Ngati owerenga anu ambiri ali pa mafoni otere, ndiye kuti Roboto ndi imene muyenera kuiyang'anitsitsa ili limodzi ndi Inter.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa anthu: burawuza siisankha fonti imodzi pa ndime yonse. Imasankha pa chilembo chilichonse pachokha. Chilembo chikasowa mu fonti yoyamba, imapita ku yachiwiri kukatenga chilembo chokhacho, zinazo n'kukhalabe mu yoyamba.

M'mawu ngati Malaŵi ndi maŵa, chilembo cha ŵ chikuoneka chosiyana ndi zinzake. Ndalakwitsa pati?

Ndi zotsatira za kusankha chilembo chimodzichimodzi kuja. Nambala ya ŵ mu Unicode ndi `U+0175`, ndipo ya Ŵ ndi `U+0174`. Zilembozi zili kunja kwa gulu loyamba la zilembo za Chilatini, lomwe limathera pa `U+00FF`. Mafayilo ambiri a fonti opangidwira intaneti amadulidwa kuti atsale ndi gulu loyambalo ndi zizindikiro zochepa. Fayilo yotere ikakumana ndi Malaŵi, zilembo zisanu zimachokera mu Inter, koma ŵ imabwerekedwa ku Roboto kapena Arial. Pa ndime wamba kusiyanaku kumaoneka pang'ono, koma pa mutu wa zilembo zazikulu zonenepa, ŵ imaonekeratu kuti ndi yowonda kapena yaifupi kuposa anzake.

Google Fonts imathetsa zimenezi mwa njira yake. Imagawa fonti m'mafayilo angapo, monga `latin` ndi `latin-ext`, ndipo iliyonse imakhala ndi mzere wa `unicode-range` wonena zilembo zimene ili nazo. Burawuza imatsitsa fayilo pokhapokha pa tsamba pakapezeka chilembo cha m'gulu lake. Chilembo cha ŵ chili mu `latin-ext`. Ndiye ŵ imodzi yokha pa tsamba imakoka fayilo ina yathunthu, yodzaza ndi zilembo za Chipolishi, Chicheki ndi zinenero zina zimene owerenga anu sakuzifuna, ndipo bandulo yawo ndi imene ikulipira. Mafayilo awiriwa safikanso nthawi imodzi, choncho kwa kanthawi mawu onse amakhala asintha koma ŵ isanasinthe.

Njira imene ndimaiona kuti ndi yabwino kwa tsamba la Chichewa ndi kudula fonti nokha, n'kuika ŵ m'fayilo yaikuluyo. Pulogalamu yake ndi `pyftsubset`, imene imabwera ndi `fonttools`:

```
pip install fonttools brotli
pyftsubset Inter-Regular.ttf \
  --unicodes="U+0020-007E,U+00A0-00FF,U+0174-0175,U+0302,U+2013-2014,U+2018-201D,U+2026" \
  --flavor=woff2 --output-file=inter-400.woff2
```

Gulu la `U+2018-201D` musalisiye. Mmenemo muli kachizindikiro kopindika ka `U+2019`, kamene mapulogalamu olembera amaika okha m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi ndi n'chiyani. M'Chichewa kachizindikiroka kamapezeka pafupifupi m'ndime iliyonse, ndiye kakasowa, vuto la ŵ lija limafalikira tsamba lonse. Nambala ya `U+0302` ndi kadenga kapadera. Nthawi zina mawu okopedwa kwina amabwera ndi w wamba wotsatiridwa ndi kadengako, m'malo mwa chilembo chimodzi. Gulu la `U+00A0-00FF` ndalisunga chifukwa cha mayina a ku Mozambique ndi ena okhala ndi ã, ç kapena é.

Musanadule, tsimikizani zinthu ziwiri. Choyamba, fonti yoyambayo ikhale nayo ŵ. Inter ili nayo, koma mafonti ambiri okongoletsera mitu alibe, ndipo pulogalamu singapange chilembo chimene palibe. Chachiwiri, werengani chilolezo cha fontiyo. Inter ili pansi pa chilolezo chaulere cha OFL, koma mafonti ena ogula saloleza kusintha fayilo.

Ndaika `swap`, mawu akuoneka msanga, koma tsamba likudumpha fonti ikafika. Pali mankhwala ake?

Alipo, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imasiyanitsa tsamba losamalidwa ndi longoikapo `swap`. Kudumphaku kumachitika chifukwa mafonti awiri a kukula kofanana mu CSS satenga malo ofanana. Pa `16px`, zilembo za Inter ndi zotambalala kuposa za Arial. Ndime imene inakwana mizere isanu ndi umodzi mu Arial ikhoza kufuna isanu ndi iwiri mu Inter, ndipo chilichonse cha pansi pake chimakankhidwa. Munthu amene amafuna kudina ulalo amapezeka wadina china. Kusunthaku ndi kumene Google imayeza ndi muyezo wa CLS, pomwe 0.1 kapena kucheperapo imawerengedwa kuti ndi yabwino.

Chochita ndi kutenga fonti ya m'chipangizo, kuipatsa dzina latsopano, n'kuikonza kuti itenge malo ofanana ndi a Inter, monga mmene telala amabwezera malaya obwereka kuti amukwane munthu. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Yambani ndi m'lifupi. Tengani ndime yeniyeni ya tsamba lanu, muiike pa mzere umodzi ndi `white-space: nowrap` m'kati mwa `span`, ndipo muyeze utali wake kawiri ndi `getBoundingClientRect().width`, koyamba mu Inter, kachiwiri mu Arial. Gawani nambala ya Inter ndi ya Arial. Pa mafonti awiriwa yankho limakhala pafupi ndi 1.07, kutanthauza kuti Arial iyenera kukuzidwa kufika pa 107%. Yezani ndi mawu a Chichewa, osati a Chingerezi kapena mawu ongodzazira malo. Chichewa chili ndi a, n, k ndi m ambiri, mawu ake ndi aatali, mipata ndi yochepa, choncho nambala yake ikhoza kusiyana pang'ono ndi imene mungakope kwina.

Kenako msinkhu. Fonti iliyonse imanena malo amene imafuna pamwamba ndi pansi pa mzere umene zilembo zimakhalapo. Mu Inter, malo a pamwamba ndi pafupifupi 96.9% ya kukula kwa fonti, a pansi ndi 24.1%, ndipo palibe mpata wina wowonjezera. Koma popeza takuza Arial ndi 1.07, manambalawa nawonso adzakuzidwa, ndiye tiyenera kuwagawa kaye ndi 1.07. Tikatero, 96.9 imakhala pafupifupi 90.5, ndipo 24.1 imakhala pafupifupi 22.5. Sitepe yogawayi ndi imene ambiri amaidumpha, n'kudabwa kuti mizere ya fonti yogwirizira yatalika kuposa ya Inter.

```css
@font-face {
  font-family: "Inter Arial";
  src: local("Arial");
  size-adjust: 107%;
  ascent-override: 90.5%;
  descent-override: 22.5%;
  line-gap-override: 0%;
}
```

Bwerezani zomwezi ndi `local("Roboto")` pansi pa dzina lina, monga `"Inter Roboto"`, mutayezanso m'lifupi mwake, chifukwa `local("Arial")` sipeza kanthu pa Android. Mndandanda wanu tsopano ukhala `"Inter", "Inter Arial", "Inter Roboto", sans-serif`. Dzina limene `local()` yake yalephera limangodumphidwa. Ngati mitu yanu ndi ya zilembo zonenepa, ipangireni yakeyake ndi `local("Arial Bold")` ndi `font-weight: 700`, ndipo muyezenso, popeza kusiyana kwa zonenepa si kofanana ndi kwa zowonda.

Musayembekezere kuti mizere yonse idzaduka pamalo amodzimodzi. Tafananitsa utali wa ndime yonse, osati wa chilembo chilichonse, ndiye liwu limodzi kapena awiri akhoza kusamukira mzere wina. Cholinga ndi chakuti chiwerengero cha mizere chisasinthe m'ndime zambiri. Ngatinso mwaika kale `line-height: 1.5` kapena nambala ina, msinkhu wa mizere umakhala wokhazikika, ndipo `size-adjust` ndi imene imagwira ntchito yaikulu. Burawuza imene siidziwa ina mwa mizere imeneyi imangoinyalanyaza, mawu n'kuonekabe.

Kodi `preload` imathandiza?

Imathandiza ikagwiritsidwa ntchito pa fayilo imodzi kapena awiri. Imauza burawuza za fonti ikadali mu HTML, kuti isadikire CSS:

```html
<link rel="preload" href="/fonts/inter-400.woff2"
      as="font" type="font/woff2" crossorigin>
```

Mawu akuti `crossorigin` ndi ofunika ngakhale fonti ili pa seva yanu yomwe. Mafonti amapemphedwa mwa njira yapadera, ndipo mukasiya mawuwa, burawuza siizindikira kuti fayilo imene yatsitsa ndi imene CSS ikufuna, choncho imaitsitsanso. Mukaona fayilo imodzi ikuoneka kawiri pa `Network` ya mu DevTools ya Chrome, yambani kuyang'ana pamenepa. Adiresi nayo ifanane ndendende ndi ya mu `@font-face`.

Kuipa kwake n'kwakuti `preload` imatsitsa fayilo kaya tsamba likuifuna kaya ayi, ndipo imalimbirana njira ndi CSS komanso chithunzi chachikulu cha pamwamba. Mukaika mafonti asanu pa `preload`, mwachedwetsa zinthu zimene munthu amayenera kuona poyamba. Sankhani ya ndime zazikulu, mwinanso ya mutu. Imagwirizana bwino kwambiri ndi `fallback` ndi `optional`, chifukwa imapatsa fonti mwayi wofika nthawi yake isanathe.

Ndisunge mafonti pa seva yanga kapena ndizitenga ku Google Fonts?

Kale panali chifukwa chomveka chotengera ku Google: munthu akatsitsa fonti pa tsamba lina, burawuza inkaisunga, ndipo pofika pa lanu inkakhala ilipo kale. Zimenezi zinatha. Kuyambira mu 2020, Chrome imasunga mafayilo a webusaiti iliyonse paokha pofuna kuteteza zinsinsi za anthu. Safari inkachita kale zimenezi, ndipo Firefox inatsatira. Mlendo wanu woyamba amatsitsa fontiyo mwatsopano ngakhale anaiona pa masamba zana.

Kusunga nokha kumachotsa maseva awiri aja, kumakulolani kudula fayilo kuti ikhale ndi ŵ, ndiponso adiresi yake mumaidziwa, ndiye `preload` imatheka mosavuta. Gwiritsani ntchito WOFF2 yokha. Ndi yaing'ono kuposa WOFF ndi TTF, ndipo maburawuza onse a masiku ano amaiwerenga. Uzaninso seva kuti iziuza burawuza kusunga fayiloyo chaka chathunthu:

```
Cache-Control: public, max-age=31536000, immutable
```

Mukadzasintha fontiyo, musinthenso dzina la fayilo, apo ayi owerenga akale azionabe yakale. Ngati mukukhalabe ndi Google Fonts, ikani `preconnect` ya `fonts.gstatic.com` yokhala ndi `crossorigin`, ndipo muitane CSS yake ndi `<link>` mu HTML, osati ndi `@import` m'kati mwa CSS ina, chifukwa `@import` imawonjezera ulendo wina pa mndandanda wautali kale uja.

Mafayilo a fonti akhale angati?

Tsamba la nkhani limakwana ndi awiri kapena atatu: 400 ya ndime, 700 ya mitu, ndi yopendekeka ngati mumaigwiritsa ntchito kwambiri. Mukasiya ya 700, burawuza imanenepetsa yokha zilembo za 400, ndipo zimaoneka zopakapaka, ndiye imeneyo musaisiye. Ngati mukufunadi kunenepa kwa mitundu inayi kapena isanu, yerekezani ndi fonti imodzi yosinthasintha, imene mumailengeza ndi `font-weight: 100 900`. Fayilo yake ndi yaikulu kuposa ya kunenepa kwa mtundu umodzi, choncho imapindulitsa pokhapokha ikalowa m'malo mwa mafayilo angapo.

Nanga mafonti a tizithunzi, monga kachizindikiro kofufuzira kapena ka menyu?

Amenewa alibe fonti yowagwirizira. Mukaika `swap`, munthu amaona timabokosi topanda kanthu, kapena mawu ngati `menu` ndi `search` pamalo pa kachithunzi. Apa ndi pokhapo pamene `block` ili ndi ntchito. Koma njira yabwino ndi kuchoka ku mafonti otere n'kugwiritsa ntchito SVG, makamaka ngati mukutsitsa tizithunzi mazana kuti mugwiritse ntchito tisanu.

Ndiyese bwanji kuti ndione zimene mlendo woyamba amaona?

Pa kompyuta yanu vutoli simungalione mwangozi, chifukwa fonti inasungidwa kale, ndipo mwina munaiikanso m'kompyutamo. Tsegulani DevTools mu Chrome, pitani pa `Network`, chongani `Disable cache`, sankhani liwiro la 3G, n'kutsegulanso tsambalo maso ali pa mawu. Dinani `Font` kuti muone mafayilo a fonti okha, kuchuluka kwake, kukula kwake, ndi nthawi imene iliyonse yayambira. Ngati yayamba CSS itatha kalekale, vuto lili pa mndandanda wa maulendo uja, osati pa kukula kwa fayilo.

Kenako dinani fayilo ya fonti ndi batani la kumanja la mausi, n'kusankha kuti itsekedwe isatsitsidwe. Tsegulaninso tsamba, ndipo muliwerenge lonse lili mu fonti yogwirizira. Onani ngati mawu a m'mabatani akukwanamo, ngati menyu sinaduke mizere iwiri, ngati mitu ikusiyanabe ndi ndime. Owerenga ena tsamba lanu amalidziwa chonchi basi.

Kuti mudziwe fonti imene yagwiradi ntchito, sankhani ndime pa `Elements`, tsegulani `Computed`, n'kutsikira pa `Rendered Fonts`. Pamenepo pamalembedwa dzina la fonti iliyonse ndi chiwerengero cha zilembo zimene yapereka. Mukaona Inter ili ndi zilembo mazana ndipo pansi pake pali Arial ndi zilembo ziwiri kapena zitatu, fufuzani ŵ kapena kachizindikiro ka ng'. Pomaliza, yesani pa foni yeniyeni ya Android yotsika mtengo, chifukwa kachipangizo ka DevTools koyerekezera foni kamangochepetsa sikirini, mafonti ake amakhalabe a kompyuta yanu.

Ndaika `font-display` paliponse koma tsamba likukhalabe loyera kwa masekondi angapo. Chatsala n'chiyani?

Yambani kusiyanitsa: kodi ndi mawu okha amene sakuoneka, kapena tsamba lonse? Ngati ndi lonse, mwina fonti siinalakwe. CSS imaletsa burawuza kujambula chilichonse mpaka itafika, ndipo CSS ya ku Google Fonts nayonso imatero, ngakhale ili ndi `display=swap`. Seva imeneyo ikachedwa kuyankha, tsamba lanu lonse limaidikira. Zomwezi zimachitika fonti ikalowetsedwa m'kati mwa CSS ngati `base64`. Fayilo ya CSS imatupa, ndipo palibe chimaoneka mpaka yonse itatsika.

Ngati ndi mawu okha, yang'anani mu JavaScript ndi mu CSS ya timu imene mukugwiritsa ntchito. Matimu ena amabisa dala mawu ndi `visibility: hidden` kapena `opacity: 0` mpaka `document.fonts.ready` itakwaniritsidwa, kapena mpaka kalasi ya `wf-loading` itachoka pa `html`. Lamulo lotere limaposa `font-display`, ndipo nthawi zina lilibe malire a masekondi 3 aja. Lichotseni. Mukapanda kulipeza, fufuzani mawu akuti `@font-face` m'mafayilo onse a CSS amene tsamba likutsitsa, kuphatikiza a mapulagini, chifukwa pulagini ikhoza kulengezanso fonti ya dzina lomwelo popanda `font-display`, ndipo ikabwera pambuyo pa yanu, burawuza imamvera imeneyo.